Kalata Yachinayi

"Amayi, kalata yokalipa imayambiranji ndi mawu akuti Okondedwa?"

Funso limeneli anafunsa ndi mwana wake wamkazi, kalekale ali wamng'ono, tsiku limene kalaliki anapita naye kuntchito chifukwa kunyumba kunalibe womusiyira. Kalaliki anangoseka. Anati ndi ulemu basi, khala pansi usagwiregwire mapepala a eni ake. Mwanayo tsopano anali kusukulu yogonera komweko ndipo funso lake analiiwala, koma mayi wake linamubwerera chaka chimene anauzidwa kuti alembenso makalata a ngongole.

Ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa makina osokera, mafiriji ndi mbaula zamagetsi, kumene anthu ambiri ankatenga katundu n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Ofesi yake inali kachipinda ka kumbuyo, ka zenera limodzi loyang'ana khoma la sitolo ina. Munali tebulo, kompyuta, pulinta yokonda kutafuna mapepala, ndi kabati yachitsulo ya mafayilo imene inkatseguka pokhapokha aimenye ndi bondo.

Nthawi ya mdala, mwini sitoloyo, kalata inali imodzi yokha kwa aliyense wochedwa kulipira. Inkayamba ndi Okondedwa, kenako n'kumutchula munthuyo kuti wopanda manyazi, wodya thukuta la anzake, n'kumulonjeza apolisi ndi ndende. Apolisi sanabwerepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mdalayo atayamba kudwala miyendo, sitolo anaitenga mwana wake wamwamuna, amene antchito ankamutcha bwana wamng'ono. Iyeyu anaiwerenga kalatayo kamodzi n'kuiika patebulo ngati kuti yamudetsa manja.

"Mayi, ichi tichitaye. Ndikufuna makalata anayi. Yoyamba ikhale ngati mnzako wakugwira paphewa, yomaliza ikhale ngati chitseko chikutsekedwa. Koma onse anayi munthu athe kuwawerenga pamaso pa apongozi ake osachita manyazi."

Kalaliki anailimbana nayo ntchitoyo sabata yathunthu. Yoyamba sinavute. "Tikukhulupirira kuti katundu wanu akukutumikirani bwino. Tikungokukumbutsani kuti malipiro a mwezi uno sitinawaone. Mwina zangokudutsani." Pansi pake panali nambala ya pangano, kuchuluka kwa ndalama, tsiku limene zinayenera kufika ndi njira zolipirira. Pomaliza anati, "Ngati mwalipira kale, tikuthokoza, ndipo kalatayi musailabadire."

Mu yachiwiri anachotsa zakuti mwina zangokudutsani, poti munthu sangamadutsidwe kawiri. Anatchula tsiku la kalata yoyamba, n'kuwonjezera kuti ngati pali vuto munthuyo abwere akambirane za kalipiridwe kena. Yachitatu anaifupikitsa. Sinafunsenso za umoyo wa katundu. Inatchula makalata awiri aja ndi masiku ake, n'kukumbutsa ndime 9 ya pangano, yonena kuti sitolo itha kutenganso katundu wake ikapereka chidziwitso chomaliza cha masiku khumi ndi anayi.

Yachinayi ndiyo inamudwalitsa mutu. Anailemba kasanu, ndipo kasanu konse bwana wamng'ono anaibweza ili ndi mizere yofiira.

"Mwapepesa katatu mu ndime imodzi. Talakwa chiyani ife? Ndipo apa mwati posachedwa. Posachedwa ndi tsiku lanji pa kalendala?"

"Ndimati isamveke yamwano, bwana."

"Mwano uli m'kutukwana. Kutchula tsiku si mwano. Lembani ndalama, tsiku, ndi chimene tidzachite. Ndipo musalembe chimene sitidzachita."

Pamapeto pake kalatayo inatuluka yoyera ngati mbale yotsuka. Kalaliki anaiwerenga mokweza m'kachipinda kake, n'kumva kunyada pang'ono. Munalibe liwu limodzi loti munthu n'kukhumudwa nalo, komanso munalibe poti munthu n'kubisalapo. Makalata onse ankawasaina iye, m'malo mwa bwana, ndipo ina yofanana nayo inkalowa m'fayilo.

Fayilo nambala 212 inali ya atelala, aneba ake.

Nyumba zawo zinali zogundizana khoma, za landilodi mmodzi. Mpopi unali umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Chaka chimene mwamuna wa kalaliki anachoka osabweranso, akazi a atelala ndi amene ankamulerera mwana masana, ndipo atelala anasoka yunifolomu yoyamba ya mwanayo n'kukana ndalama, amvekere, "Nsalu yake ndi yotsala, sindingagulitse zinyenyeswa." Nsaluyo sinali yotsala. Kalaliki anachita kuona yekha lisiti ili pansi pa lumo.

Atelala anagulitsa makina awo akale opalasa ndi mapazi kuti apeze ndalama yoyambira, n'kutenga makina amagetsi m'sitolomo. Analipira bwinobwino miyezi khumi ndi inayi. Kenako msewu wa kumsika unakulitsidwa, mzere wa mashopu kumene ankasokera unagwetsedwa, iwo n'kubwera ndi makina awo pakhonde la nyumba. Makasitomala ochepa okha ndi amene anawalondola. Mwezi wa Malichi 15,000 ija sinapezeke.

Poti anali aneba, makalata awo kalaliki ankangowatengera pamanja. Yoyamba atelala anaiwerenga atavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, naseka mpaka kutsokomola.

"Aneba, kodi ndi ngongole imeneyi kapena mukundifunsira? Mayi akunyumba, tabwerani mudzamve, sitolo ikufunsa ngati makina adzuka bwanji!"

"Musamaseke, achimwene. Ndi kalata yeniyeni."

"Ine ndimadziwa kalata za mdala. Uja akatukwana amayi ako, umadziwa kuti zinthu zavuta. Izizi ndi zoika m'felemu."

Yachiwiri anaikoleka pamsomali pamodzi ndi miyezo ya makasitomala. Kalaliki anawauza kuti apite akakambirane, iwo anati apita akapeza choti agwire m'manja, poti munthu sapita kwa mwini ngongole manja ali lende. Yachitatu sanaseke. Inanena za miyezi iwiri, ndipo anaiwerenga kawiri, chala chili pa ndime 9. Sabata imeneyo makina ankalira pakhonde kuyambira m'mawa, kusoka zigamba ndi kufupikitsa mathalauza, tintchito tosakwana n'kugula malasha komwe.

Pa 6 Meyi bwana wamng'ono anaika mafayilo asanu ndi awiri patebulo la kalaliki. Yachitatu kuchokera pamwamba inali 212. Kalaliki anadzaza mipata monga mwa nthawi zonse.

"CHIDZIWITSO CHOMALIZA. Okondedwa Bambo, takulemberani katatu za malipiro a pangano nambala 212, ndipo mpaka lero ndalama zokwana 45,000, za Malichi, Epulo ndi Meyi, sizinafike. Tikukupemphani kuti mulipire zonse pofika pa 20 Meyi. Zikapanda kufika tsiku limeneli, pa 21 Meyi tidzabwera kudzatenga makinawo, monga mwa ndime 9 ya pangano. Sitikufuna kuti zifike pamenepo. Ofesi yathu ndi yotsegula kwa inu tsiku lililonse la ntchito."

Anasindikiza, nasaina, naika ina m'fayilo. Inayo anaigwira nthawi yaitali. M'maganizo mwake ankaona chala chija chili pa ndime 9, ndi dzina lake pansi pa mawu akuti tidzabwera kudzatenga. Anaganiza kuti zinthu zoterezi munthu sauza mbale wake papepala. Anati awauza pakamwa, atakhala pansi, powakonzekeretsa mtima. Pepala lingokhala loperekeza.

Ndiye anatsegulanso kalatayo pakompyuta. Anafufuta mutu wake. Anafufuta 20 Meyi n'kulemba kuti mukangopeza mpata. Anachotsa chiganizo chonse cha kutenga makina, n'kuikapo chakuti tikudziwa kuti nthawi ndi zovuta ndipo tikuyamikira kukhulupirika kwanu kwa miyezi yapitayi. Anasaina, naipinda katatu. Yoona ija anaiponya m'dirowa.

Atafika kunyumba anapeza pakhonde pali chisangalalo. Sukulu ina ya mkaka inali itawapatsa atelala ntchito ya mayunifolomu makumi asanu ndi limodzi, n'kuperekeratu 50,000, zotsala kudzalipira pa 30 Meyi polandira katundu. Akazi awo anali atagula shuga ndi sopo wonunkhira. Atelala ataona envulopu nkhope inagwa, koma atawerenga anapuma mpweya wautali.

"Mwandilankhulira eti, aneba? Ndaona dzanja lanu apa. Ndimaopa kuti ndi ija ya masiku khumi ndi anayi."

Mawu anali pakamwa penipeni. Kalaliki anayang'ana akazi awo a atelala, amene anali atagwira kale kapu ya tiyi kuti amupatse. Anati mumtima, lero ayi, asangalale kaye, ndiwauza mawa.

"Koma musachedwe nazo, achimwene," ndi zokhazo zimene ananena.

"Pa 30 ndikubwera ndekha, nditavala jekete. Mudzandikonzere mpando."

Mawa lake anachoka m'mawa atelala asanatuluke. Madzulo anapeza mipukutu itatu ya nsalu yobiriwira itatsamira khoma.

"Ndalipira kashi," anatero atelala, akusisita nsaluyo ngati msana wa mwana. "Mwini sitolo ya nsalu amati andikongoze mpaka kutha kwa mwezi, koma mtengo wake wokwera. Ndimati nditero, ndalamayi ndithamange nayo kwa inu. Koma poti mwati ndikapeza mpata, ndati ndiluzirenji?"

Kalaliki anayang'ana mipukutuyo. Ndalama zoombola makina zinagona m'nyumbamo usiku umodzi, ndipo kalata yake ndi imene inazitulutsa. Tsopano kunena kunali kovuta kuposa dzulo, poti kunafunika kunena ziwiri, za tsiku lija ndi za chimene iye anachita. Analowa m'nyumba mwake osayatsa n'mbaula yomwe.

Anayesa njira ina. Lolemba lotsatira anamupeza bwana wamng'ono akuwerenga mafiriji.

"Bwana, a 212 aja apeza ntchito yaikulu. Alandira pa 30. Bwanji tiwadikire masiku khumi okha?"

"Abwera kudzanena okha?"

"Ayi, koma ndimakhala nawo pafupi."

"Kalata yachiwiri inawaitana, yachinayi yawaitananso. Munthu wabwera yekha ndimamumvera. Koma ndikasuntha tsiku chifukwa ndi aneba a kalaliki, mawa tauni yonse idziwa kuti masiku athu ndi a mphira. Tibwerera kwa apolisi a bambo anga aja."

Apa ndi pamene akanaulula. Anaganiza za fizi ya mwana wake, nati, "Chabwino, bwana." Anaganizanso zowauza atelala kuti apite okha kwa bwana, koma akanapita ndi kalata ija m'thumba la jekete.

Masiku anatha limodzilimodzi. Kuseri kwa khoma ankamva lumo likudya nsalu, khwe khwe khwe, atelala akuimba nyimbo zosadziwika mutu wake. Iwo anali ndi kachitidwe kawo, kodula zonse kaye asanasoke ngakhale imodzi, ati dzanja likazolowera lumo lisamasokonezedwe. Masiku angapo magetsi anavutanso. Pofika pa 20 Meyi anali atasoka khumi ndi anayi okha. Ena onse anali milumilu patebulo, manja paokha, makolala paokha, mulu uliwonse ndi kapepala ka saizi kobayidwa ndi phini. Kawiri konse kalaliki anaima pampopi ndi ndowa yodzaza kale, kudikira kuti pakamwa patseguke. Atelala ankangomukuwira, "Abwana a mapepala, madzi akutayikatu!"

Pa 21 sanaone zimene zinachitika. Anangoona galimoto ya sitolo ikutuluka m'mawa ndi amuna awiri ndi mndandanda, n'kubwerera masana. Makina anawatsitsa mutu paokha, tebulo palokha. Pa singano panali pakulendewera ulusi wobiriwira. Patangopita kanthawi atelala analowa m'sitolo wapansi, thukuta lili kamukamu, atavala patapata, tepi yoyezera ikadali m'khosi. M'manja anali ndi kalata.

"Bwana, pali kulakwitsa. Onani, palibe tsiku apa. Mwalemba nokha kuti ndikapeza mpata."

Bwana wamng'ono anawerenga. Anaitanitsa fayilo, naika makalata awiriwo pamodzi pakauntala. Sanakweze mawu.

"Mayi, siginecha iyi ndi yanu? Nanga iyi?"

"Zonse ndi zanga, bwana. Yoona sindinawapatse. Ili m'dirowa."

Atelala anamuyang'ana. Sanatukwane, sanafunse chifukwa. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, kuwapukutabe, mpaka kalaliki analakalaka akanangomumenya mbama.

Bwana anawapempha kuti adikire panja, n'kulowa ndi kalaliki m'kachipinda kaja.

"Pangano likuti tichenjeze tisanatenge, ndipo sitinachenjeze. Tulutsani yachinayi ina, ya lero. Masiku khumi ndi anayi, mpaka pa 4 Juni. Makina sitigulitsa tsikulo lisanakwane."

"Ndiye abwerere nawo, bwana. Asokera chiyani? Ndalama zake zili m'makina momwemo."

"Makina obwezedwa kwa munthu wokwiya amakagona kwa mlamu wake, sitidzawaonanso. Akhala mosungira katundu. Ngati akuona kuti talakwa akasume, ndi ufulu wawo. Koma adziwe kuti pepala loyamba kuwerengedwa kumeneko ndi ili, ndipo ine sindisunga kalaliki wolemba makalata awiriawiri. Pakadali pano simusainanso kanthu."

Kalata yatsopanoyo inafunika kusintha mzere umodzi, poti makina anali atatengedwa kale. Kalaliki analemba kuti ndalama zikapanda kufika pa 4 Juni, pa 5 Juni makinawo adzaikidwa pamalonda. Bwana anasaina yekha. Potuluka kalaliki anapeza atelala atapita.

Anawapeza pakhonde. Pamene panali makina panatsala madontho anayi a mafuta pasimenti ndi waya wamagetsi wopanda ntchito. Akazi awo ataona kalaliki analowa m'nyumba n'kukoka katani. Iye sanapereke envulopu. Anaitsegula yekha, naima, nawerenga mokweza kuyambira pa mutu mpaka pa siginecha, ndalama, tsiku, ndi mawu akuti pamalonda. Sanadumphe liwu ndi limodzi lomwe.

"Yamveka," anatero atelala. "Ndi yaulemu ndithu. Ikanabwera imeneyi poyamba, bwenzi pano ndikusoka makolala."

"Ndimaopa kukupwetekani, achimwene."

"Ndikudziwa. Chifundo chinapha nkhwali, koma apa nkhwali yake ndine."

Anayesa kuseka, koma sikunatuluke. Kalaliki anawauza zonse zimene bwana ananena, ndi za kusuma zomwe, kuti mwina mlandu ungawakomere.

"Ndisume ndi ndalama ziti? Ndipo ndikawina, inu akuchotsani ntchito. Ndiye tizidzakumana pampopi apa tonse awiri, wina wopanda makina, wina wopanda fizi ya mwana. Landilodi adzayambira khomo liti?"

Masiku khumi ndi anayi aja atelala anawayenda ndi mapazi. Anzawo a ntchito onse anali ndi maoda awo, ndipo amene anavomera kubwereketsa makina anati ola limodzi masana, pamene iye akudya. Mwa njira imeneyi anasoka asanu ndi limodzi. Kalaliki anapempha malipiro ake a mwezi wamawa, bwana anakana. Anagulitsa wailesi ndi nsapato zake za ku ukwati, napeza 9,000, n'kukazipereka kwa anebawo. Akazi a atelala anazibweza ndi dzanja lawo, atazikulunga m'kapepala komwe zinabwerera. Pa 30 Meyi mayi woyendetsa sukulu ya mkaka anabwera ndi galimoto. Anawerenga zosokedwa makumi awiri, nati nsalu ndi yake poti anailipira, ana sangadikire. Anatenga zosokedwa ndi milu yonse ya zodulidwa, ndi timapepala ta saizi tomwe, kupita nazo kwa telala wina. Za ntchito ya kudula anati zilowa m'malo mwa kuchedwa.

Pa 4 Juni kalaliki pochokera kuntchito anapeza atelala atakhala pampando wawo wosokera, kutsogolo kulibe kanthu. Anali akusoka batani la malaya a munthu wina ndi singano yamanja. Kalaliki anakhala pansi pa sitepe, chikwama chili pamiyendo. 

"Mawa eti?" anafunsa atelala.

"Mawa. Awaika pawindo la kutsogolo. Mtengo ndalemba ndine."

"Mwalemba zingati?"

Anawauza. Atelala anagwedeza mutu pang'onopang'ono, naluma ulusi.

"Atchipa. Komatu ali ndi khalidwe lake aja. Akasoka nsalu yokhuthala ulusi wapansi umakonda kupota. Munthu wosawadziwa adzayamba kumasula zinthu, adzawaononga. Pamafunika kungobweza kasikuluwu ka pa bobini pang'ono, pang'ono kwambiri, ndi kudontheza mafuta Loweruka lililonse. Mudzamuuze wogulayo."

"Ndidzamuuza. Ndidzamulembera."

"Ayi, osalemba. Pakamwa." Anabaya singano pa kolala ya malaya awo. "Ndipo tsiku limene adzatuluke m'sitolomo, ndisadzamve kwa anthu. Ndisamadzazungulire pawindo paja ngati wamisala, kusuzumira chinthu choti chinapita kale. Mudzabwere pano, mudzandiuze kuti apita, tsiku lakuti, ola lakuti. Osandifunsa kaye kuti ndadzuka bwanji."

Kuseri kwa katani akazi awo anasiya kusuntha mbale. Kalaliki anayang'ana madontho a mafuta aja pasimenti.

"Ndidzabwera tsiku lomwelo, achimwene, ndisanalowe n'kwanga komwe."

"Mwalonjeza, aneba?"

"Ndalonjeza."